Kuphunzira kutayipa osayang'ana mabatani pa laputopu yobwereka: ndigwiritse pulogalamu iti?

Nachisale (Kamuzu Road): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndikufunsira ntchito za ukalaliki kuno ku Salima, ndipo ndauzidwa kuti pa intavyu amatha kukukhazika pa kompyuta kuti utayipe kalata iwo akuwerenga nthawi. Panopa ndimatayipa ndi zala ziwiri, maso ali pa mabatani. Ndinadziyesa pa tsamba la intaneti loyesera liwiro la 10FastFingers ndipo inandipatsa 22 WPM, kutanthauza mawu 22 pa mphindi. Laputopu ndi ya alamu anga, amandibwereka madzulo kwa mphindi 45, Lolemba mpaka Lachisanu. Ili ndi Windows 10. Ndikafuna kuikamo pulogalamu imafunsa pasiwedi yomwe ine ndilibe, komanso bandulo yanga ndi yochepa. Ndili ndi milungu isanu ndi umodzi. Ndiyambe ndi pulogalamu iti, ndipo ndiyambire pati?

Jere (Dwangwa): Achemwali, osavutika ndi laputopu ya eni. Pa Play Store pali mapulogalamu ambirimbiri oyesa liwiro, mutha kumaphunzira muli mu minibasi kapena mukudikira ndiwo zipse. Ine pafoni ndimathamanga kuposa anthu ambiri a muofesi.

Mayi Nankhoma (Nkhotakota): A Jere, pafoni mumatayipa ndi zala zazikulu ziwiri, ndipo theka la mawu foni imakumalizirani yokha. Muofesi zala zazikuluzo ntchito yake ndi imodzi basi, kudina batani lalitali lija losiya mpata. Zimene mwanayu akufuna kuphunzitsa ndi zala zisanu ndi zitatu zotsalazo, ndipo pagalasi la foni sizingaphunzire kalikonse.

Aphunzitsi a Banda (Salima boma): A Nachisale, zimene mwafotokozazo zakusankhirani kale pulogalamu. Mukufuna yosafuna intaneti, yosafuna kuikidwa mu kompyuta, komanso yosunga zotsatira zanu pamalo amene mungachoke nawo. Ziwiri zimene zikukwanira pamenepa ndi TIPP10 ndi RapidTyping. Zonse ndi zaulere, ndipo zonse zili ndi mtundu wolembedwa kuti Portable, woyenda kuchokera pa fulashi. Ine ndingakusankhireni TIPP10.

Chitani chonchi. Pa tsamba la eni ake a pulogalamuyo kopani mtundu wa Portable wa Windows, osati uja woika mu kompyuta. Idzabwera ngati fayilo ya zip. Ikani fulashi, koperani fayiloyo m'menemo, dinani batani lakumanja la mausi pa fayiloyo, ndipo sankhani Extract All. Mudzaona foda yatsopano. Lowani m'fodamo ndi kutsegula fayilo ya pulogalamu yothera ndi .exe. Kwa alamu anu simwaika kalikonse, ndipo ya pasiwedi ija siibuka.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa Extract All. Windows imalola munthu kusuzumira mkati mwa zip ngati kuti ndi foda wamba, ndiye munthu amangodina pulogalamuyo ili momwemo. Mwina imakana kutseguka, mwina imatseguka koma mawa mukapeza zotsatira zonse za dzulo kulibe, chifukwa inalemba pamalo osakhalitsa. Mukamaona kuti mndandanda wa zotsatira ukumayambiranso tsiku lililonse, yang'anani pamenepo poyamba. China, mukamaliza tsekani pulogalamu kaye, kenako dinani Eject, ndiye muzule fulashi. Nthawi imene pulogalamu ikulemba zotsatira ndi yomweyo imene fayilo imawonongeka mukazula mwaphuma.

Mbewe wa Mafoni: Aphunzitsi anena zoona, koma ine ndinganene kuti Mavis Beacon ndiye mwini wake wa nkhaniyi, anthu ambiri anaphunzirira yomweyo. Bwerani ndi fulashi pamsika tikuikireni. Chachiwiri, gulani selotepu yakuda mumate mabatani onse. Maso akasowa choona, zala zimaphunzira zokha mlungu umodzi.

Aphunzitsi a Banda: A Mbewe, Mavis Beacon ndi pulogalamu yabwino ndithu, ilipo kuyambira 1987, koma ndi yogula komanso imafuna kuikidwa mu kompyuta, pomwe pasiwedi ija idzatulukirenso. Makope oyendayenda m'mafulashi nthawi zambiri amakhala othyoledwa, ndipo ndi amene amabwera ndi tizilombo. Pa makina obwereka sindingalole. Za kubisa mabatani mwalasa, koma osati ndi selotepu. Kutentha kwa kuno ku nyanja zomatira zake zimasungunuka n'kutsalira pa mabatani, ndipo pomatula mutha kuzula batani la laputopu, lomwe timapulasitiki take tapansi timathyoka msanga. Kansalu kopepuka kofunditsa manja okha n'kokwanira. Kasatseke timabowo totulutsira mpweya.

Mbewe wa Mafoni: Chabwino, selotepuyo ndaibweza. Koma pa tizilombo, fulashi yawoyo ndi imene ingabweretse vuto ikamapita kokasindikiza makalata ofunsira ntchito. Mukhale ndi fulashi ya pulogalamu yokhayokha, ngakhale yaing'ono, ina ikhale ya makalata. Tsiku lina mukadzaona mafoda onse asanduka tizizindikiro tokhala ndi kamuvi pakona, musadine kalikonse. Mafayilo anu sanafufutike, angobisidwa. Yambani mwaipimitsa ndi Windows Security, kenako mu Command Prompt lembani izi, kusintha E ndi chilembo cha fulashi yanu:

```
attrib -h -r -s /s /d E:\*.*
```

Mafoda adzaonekanso. Pulogalamuyo ikopeninso yatsopano, musadalire imene inagona ndi kachilombo.

Nachisale: Zikomo kwambiri. Ndakopa ndipo yatseguka kuchokera pa fulashi. Koma pali chimene chikundisokoneza. Pa batani la 2 pajambulidwa chizindikiro cha " koma ndikadina Shift ndi 2 pakutuluka @. Laputopuyi yawonongeka kapena?

Aphunzitsi a Banda: Siinawonongeke, ndipo mwachita bwino kufunsa musanayambe phunziro loyamba. Pali zinthu zitatu zoyenera kugwirizana: zimene zajambulidwa pa mabatani, zimene Windows ikuganiza kuti kiyibodiyo ili, ndi zimene mwasankha mu pulogalamu. Mabatani anuwo ndi a ku Britain, pomwe Windows yaikidwa pa kiyibodi ya ku America. Ya ku Britain Shift ndi 2 imatulutsa ", Shift ndi 3 imatulutsa £, ndipo @ ali kumanja pafupi ndi Enter. Ya ku America Shift ndi 2 imatulutsa @, Shift ndi 3 imatulutsa #. Yang'anani pansi kumanja pafupi ndi wotchi. Ngati pali makiyibodi angapo mudzaona ENG US kapena ENG UK, ndipo kudina batani la Windows pamodzi ndi batani lalitali la mpata kumasintha kuchoka pa ina kupita pa ina.

Musatekeseke nazo kwambiri. Zilembo zonse, manambala, koma, mpumiro, ndi kachizindikiro ka mu ng' zili pamalo amodzimodzi pa makiyibodi awiriwa. Poti Windows ili pa US, sankhani US QWERTY mu pulogalamu, zisiyeni choncho, za alamu anu musasinthe. Popeza cholinga ndi kusayang'ana mabatani, zojambulidwazo sizikukhudzani. Chongofunika n'kudziwa kuti kusiyanaku kulipo, kuti tsiku la mayeso musadzataye mphindi yathunthu mukusaka @.

Gama (Chipoka): Ndilowerere pomwepo ndi vuto langa. Ine ndikalemba ng'ombe pakutuluka ngómbe, ndikalemba pang'ono pakutuluka pangóno. Ndikadina kachizindikiroko koyamba sipaoneka kanthu. Pulogalamu yophunzirira ikungondiwerengera zolakwa.

Aphunzitsi a Banda: A Gama, yanu ili pa United States-International, pafupi ndi wotchi palembedwa ENG INTL. Pa kiyibodi imeneyo kachizindikiroko kamadikira chilembo chotsatira, ndipo kakakumana ndi a, e, i, o kapena u kamakwera pamwamba pake. N'chifukwa chake ng'o ikusanduka ngó. Zinapangidwira zilankhulo ngati Chisipanishi. Pitani ku Settings, Time & Language, Language, dinani chilankhulo chimene chilipo, Options, kenako Add a keyboard n'kusankha US wamba. Ngati makinawo si anu ndipo eni ake sakufuna, dinani kachizindikiroko kenako batani la mpata, kadzatuluka kokha. Koma musaphunzire nayo njira imeneyo kwa milungu, chala chidzazolowera kudina kawiri ndipo pa kompyuta ina muzidzasiya mpata pakati pa mawu.

Gama: Yalembadi ENG INTL. Ndasintha, ng'ombe yabwerera.

Nachisale: Aphunzitsi, nanga mphindi 45 zija ndizigawe bwanji? Ndayesa phunziro loyamba ndipo ndikuchedwa moti zala ziwiri zija zinali bwino.

Aphunzitsi a Banda: Zimenezo n'zoyembekezeka. Liwiro litsika kwambiri, mwina kufika theka la 22 uja kapena kutsikirapo, ndipo likhala pansi kwa milungu iwiri kapena itatu. Apa ndi pamene anthu ambiri amabwerera ku zala ziwiri. Lamulo lake ndi limodzi: kuyambira lero chilichonse cholemba pa kompyuta, ngakhale dzina la fayilo, chilembedwe ndi zala zoyenera.

Tiyambe ndi pokhala zala. Papasani F ndi J, mupeza timizere totukuka. Pamenepo ndi pa zala za mkombaphala. Dzanja lamanzere likhale pa A S D F, lamanja pa J K L ndi batani lotsatira la ;. Chala chilichonse chikapita kukadina kwina chibwerere pamalo pake. Mkombaphala wamanzere ali ndi R, T, F, G, V, B. Wamanja ali ndi Y, U, H, J, N, M. Zala zina zili ndi mzere umodzi umodzi wotsetsereka: chapakati chamanzere E D C, cha mphete W S X, chaching'ono Q A Z, ndipo kumanja chapakati I K ndi koma, cha mphete O L ndi mpumiro, chaching'ono P ndi zonse za kumapeto. Chilembo chachikulu mumadina Shift ndi kachala kakang'ono ka dzanja linalo: A wamkulu ndi Shift yakumanja, M wamkulu ndi Shift yakumanzere. Caps Lock musaizolowere pa chilembo chimodzi.

Mu TIPP10 lowani pa Training Lessons. Musanayambe phunziro pali posankha kutalika kwake, ikani mphindi 5. Chongani Block typing errors kuti pulogalamu isapitirire mpaka mutadina chilembo cholondola. Chonganinso Intelligence, imeneyo imaona zilembo zimene mukuphonya n'kumakubwezerani mawu okhala ndi zilembo zomwezo. Kiyibodi yojambulidwa pa sikirini isiyeni ioneke milungu iwiri yoyamba, kuti mukaiwala pamene pali chilembo muziyang'ana pamenepo osati pa manja. Mlungu wachitatu izimitseni, chifukwa nayonso imasanduka chizolowezi.

Mphindi 45 muzigawe motere. Zisanu zoyamba bwerezani phunziro la dzulo. Kenako phunziro latsopano katatu, mphindi zisanu zisanu, mukupuma mphindi imodzi kapena ziwiri pakati, manja atalendewera. Zotsalazo mlungu woyamba ndi wachiwiri mubwereze phunziro limene linakuvutani kwambiri, ndipo zilembo zonse zikatha muzizigwiritsa ntchito kukopera kalata ya papepala. Musapite ku phunziro lotsatira ngati zolakwa zikupitirira zitatu pa zilembo 100 zilizonse. Zikapitirira zisanu, mukuthamanga kuposa zala zanu, chepetsani liwiro mpaka muzimva mabatani akulira mofanana ngati wotchi. Liwiro loti pena gu-gu-gu pena zii limatanthauza kuti pali zilembo zina zimene mukuziganizirabe.

Masiku anu onse ndi 30. Mukamatha phunziro limodzi tsiku lililonse, zilembo zonse, zazikulu ndi zazing'ono, mudzakhala mutazidutsa mkati mwa milungu itatu. Tsiku limene malire a zolakwa akana, bwerezani mawa lake, musadumphe.

Mbewe wa Mafoni: Ine ndikuona kuti Block typing errors imeneyo imapusitsa. Muofesi kompyuta sikuimitsa ukalakwitsa, umayenera kuona wekha n'kufufuta.

Mayi Nankhoma: Apa a Mbewe ali ndi mfundo. Ana ambiri ophunzira ndi mapulogalamuwa amafika muofesi osadziwa kupita ku Backspace ndi kachala kakang'ono n'kubwerera pa J osayang'ana. Akalakwitsa dzanja lonse limanyamuka, pobwerera limatera batani limodzi kumbali, ndiye mzere wonse umatuluka zosamveka.

Aphunzitsi a Banda: Nonse mukunena zoona, kungoti nthawi zake n'zosiyana. Pamene chala chikuphunzira njira yopita ku chilembo, kuimitsidwa kumathandiza chifukwa cholakwacho chimakonzedwa pomwepo. Zilembo zikatha, mlungu wachinayi, asinthe n'kusankha zoti azikonza yekha ndi Backspace. Za kutera kumbalizo mankhwala ake ndi timizere ta pa F ndi J, kupapasa musanapitirize.

Jere: Nanga bwanji keybr kapena TypingClub? Mwana wa achimwene anga amagwiritsa zimenezo ndipo n'zokongola kuposa zimene mukutchulazi.

Aphunzitsi a Banda: N'zabwino zonse, ndipo keybr ili ndi nzeru yake: imayamba ndi zilembo zochepa, n'kumatsegula chatsopano pokhapokha zakalezo zafika pa liwiro. Vuto ndi la makina obwereka. Zonse zimafuna intaneti. Mukapanda kutsegula akaunti, zotsatira zimasungidwa mu burawuza ya kompyuta imeneyo, ndiye mwini wake akafufuta mbiri ya burawuza, kapena inu mukalowa pa Incognito, mumayambiranso pachiyambi. Mukatsegula akaunti, muzikumbukira kutuluka tsiku lililonse ndi kukana burawuza ikafunsa zosunga pasiwedi. Masambawo paokha sadya bandulo kwambiri. Imene imadya ndi Windows, ikangomva intaneti ya pafoni imayamba kukopa zake. Mukalumikiza, pitani pa Properties za Wi-Fi imeneyo n'kuyatsa Set as metered connection. A Nachisale atha kugwiritsa masambawa Lachisanu lokha podziyesa.

Mayi Nankhoma: Tsopano ndilankhulepo za mayeso enieniwo, chifukwa nambala ya mu pulogalamu imanamiza. 22 WPM ija mwaipeza pa mayeso a mphindi imodzi, a timawu tachingerezi tafupitafupi, topanda zilembo zazikulu, topanda koma, topanda manambala. Kalata ya muofesi ili ndi deti, nambala ya kalata, maina a anthu ndi a malo, ndalama ngati K1,250,000.00, mutu wa zilembo zazikulu. Ndipo simuiwerenga pa sikirini, ili papepala pambali panu, mwina yolembedwa pamanja. Munthu wa zala ziwiri pamenepa maso amayenda patatu, papepala, pa mabatani, pa sikirini, ndipo pobwerera papepala amadumpha mzere. Kudumpha mzere ndi cholakwa chachikulu kuposa kuphonya chilembo, chifukwa kalata imasintha tanthauzo.

Ndiye kuyambira mlungu wachinayi, mwanangu, tenga kalata kapena nkhani ya m'nyuzipepala, uiimike kumanzere kwa laputopu motsamira buku, utsegule Notepad, utchere mphindi 5 pafoni, utayipe maso ali papepala. Ndikuti Notepad osati Word chifukwa Word imakukonzera: imakuikira chilembo chachikulu poyamba chiganizo, imatembenuza teh kukhala the, ndiye sudziwa kuti Shift yako ndi yofooka.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Pa mayeso a liwiro, liwu limodzi ndi zilembo zisanu, kuphatikizapo mipata ndi zizindikiro. Ukamaliza, kopera zimene walembazo mu Word, udine Word Count, uone pa Characters (with spaces). Tinene kuti zakwana 780. Gawa ndi 5, mawu ndi 156. Gawanso ndi mphindi 5, ndi 31.2 pa mphindi. Tsopano werenga mawu olakwika amene watsala nawo osakonza, tinene 12. Chotsa 12 pa 156, patsala 144, gawa ndi 5, ndi 28.8. Nambala yako yeniyeni ndi imeneyo. Maofesi amasiyana pa kadulidwe ka zolakwa, ena amadula kwambiri kuposa apa, koma onse amadula.

Nachisale: Zikomo amayi. TIPP10 yokha sikundionetsa WPM, ikuonetsa nambala ya zilembo pa mphindi. Lero yalemba 55.

Mayi Nankhoma: Gawa ndi 5, ndi mawu 11 pa mphindi. Kuti ubwerere pa 22 wako uja ikuyenera kulemba 110. Ikadzalemba 150 ndiye 30, ikadzalemba 200 ndiye 40.

Jere: Ndiye milungu isanu ndi umodzi afika pa 40?

Aphunzitsi a Banda: Sindingamulonjeze zimenezo. Masiku 30 a mphindi 45 ndi maola 22 ndi theka. Pa maola amenewo chimene ndingayembekezere ndi kudziwa zilembo zonse osayang'ana, ndi kubwerera pa liwiro lake lakale kapena kulipitirira pang'ono, koma ndi zolakwa zochepa komanso osadumpha mizere. Kukwera kupitirira apo kumabwera ndi kutayipa tsiku ndi tsiku miyezi yotsatira. Ngati chikalata cholengeza ntchitocho chatchula liwiro, atiuze nambalayo tione.

Mbewe wa Mafoni: Maolawo atha kuchuluka. A Jere anayamba ndi foni tinawakana, koma foni ili ndi ntchito yake. Gulani kiyibodi ya USB yapayokha, ngakhale yakale, ndi kachingwe ka OTG kogwirizana ndi pobayira chaja pa foni yanu. Mafoni ambiri a Android amailandira, ngakhale ena amafuna muyatse OTG mu Settings kaye. Imikani foni, tsegulani polembera zinthu, muzikopera kalata masana laputopu ili kuntchito ndi eni ake. Magetsi akazima mukupitirizabe. Musanalipire iyeseni pa foni yanu pomwepo, batani lililonse. Kiyibodi yomweyo madzulo muibaye pa laputopu, mabatani a alamu anu apume, ndipo poti ndi yanu mutha kuimata selotepu mmene mungafunire.

Mayi Nankhoma: Imeneyo ndiye nzeru. Ilinso ndi phindu lina. Maofesi ambiri ali ndi makompyuta a patebulo, mabatani ake ndi aatali ndipo amafuna kudinidwa mozama kuposa a laputopu. Wophunzirira pa laputopu yokha akafika pamenepo amangokhudza pamwamba, zilembo zina osatuluka. Komanso kiyibodi yaikulu ili ndi manambala akumanja, amene kalaliki wolowetsa ndalama amagwiritsa tsiku lonse: zala zitatu pa 4 5 6, pa 5 pali kotukuka, chala chachikulu pa 0.

Gama: Funso lina. Aziphunzira ndi Chingerezi kapena Chichewa? Mapulogalamu onsewa ndi achingerezi, koma makalata opita kwa mafumu ndi zidziwitso za misonkhano timalemba m'Chichewa.

Aphunzitsi a Banda: Maphunziro a zilembo atsate a mu pulogalamu. Akatha, Chichewa chikhale ndi gawo lake, chifukwa chimagwiritsa zala mosiyana. Tayesani kulemba nyumba: n, y, u, m zonse zinayi ndi za mkombaphala wamanja, chala chimodzi kukwera ndi kutsika. Zambiri, dzana, za, zonsezi z ndi a ndi za kachala kakang'ono kamanzere, kofooka kuposa zonse, ndipo a ndiye ali paliponse m'Chichewa. Pa Chingerezi z sapezeka kawirikawiri, moti pulogalamu siikuphunzitsani mokwanira. Ndiye pali ng' amene amatuma kachala kakang'ono kamanja kudutsa batani limodzi.

Mu TIPP10 muli Own Lessons, pomwe mungaike mawu anuanu. Lembani mizere 20 ya mawu ngati nyumba, nyanja, mzinda, zaka, dzuwa, pang'ono, ng'oma, kuyang'ana, muziibwereza mphindi zisanu patsiku. Mizereyo muilembe mu Notepad. Mukaikopera kuchokera mu Word kapena pa intaneti, kachizindikiro ka mu ng' kamabwera kopindika, pomwe batani lanu limatulutsa kowongoka, ndiye pulogalamu imaima pamenepo n'kumati mwalakwa ngakhale mwadina batani loyenera. Mukaona zotero fufutani kopindikako n'kulembapo ndi batani.

Mayi Nankhoma: Ine pamenepa ndisiyana nanu pang'ono, aphunzitsi. Mayeso a ntchito nthawi zambiri amakhala kalata yachingerezi. Mwanayu ali ndi masiku 30 okha. Mphindi zisanu za Chichewa patsiku ndi maola awiri ndi theka, amene ndikanakonda apite ku manambala a mzere wapamwamba, pomwe aliyense amabera n'kuyang'ana. Chichewa adzachiphunzira ntchito ataipeza.

Aphunzitsi a Banda: Manambala ndikuvomereza kuti ndi ofunika. Koma kachala kakang'ono kakalimba pa za ndi dza kamalimbanso pa Shift, ndiye sindikuona ngati nthawi yotayika.

Mayi Nankhoma: Shift imalimba ndi kulemba maina ndi mitu ya makalata. Asankhe yekha akafika mlungu wachinayi, ataona pamene zolakwa zake zachuluka.

Gama: Nanga ŵ wa mu dzina la dziko lathu, ena amafuna alembedwe ndi kachipewa kake?

Mayi Nankhoma: Mu Word lembani 0175 kenako dinani Alt ndi X pamodzi, manambalawo asanduka ŵ. Ngati chilembo cham'mbuyo ndi a, b, c, d, e kapena f, Word imachiwerengera pamodzi ndi manambalawo n'kutulutsa china, ndipo mu dzina la dzikoli chilembo cham'mbuyo ndi a. Ndiye siyani mpata kaye, pangani ŵ, kenako fufutani mpatawo.

Nachisale: Ndabweranso, lero ndi tsiku lachinayi. Zolakwa zatsika kufika zinayi pa 100. Koma zinthu ziwiri zachitika. Ndikutayipa kunatuluka kabokosi kofunsa za Sticky Keys ndi kaphokoso. Kenako mwana atagwira laputopu, J ikulemba 1, K ikulemba 2, L ikulemba 3. Alamu anga abwera posachedwa ndipo ndili ndi mantha. Komanso dzanja lamanja likuwawa pamfundo.

Mbewe wa Mafoni: Mtima pansi achemwali, palibe chawonongeka. Mwanayo wayatsa Num Lock. Pa malaputopu opanda manambala akumanja, imasandutsa J K L kukhala 1 2 3, U I O kukhala 4 5 6, M kukhala 0. Sakani batani lolembedwa NumLk kapena Num Lock mzere wapamwamba, mulidine pamodzi ndi Fn. Pa makina ena ndi Shift m'malo mwa Fn. Kabokosi kaja kamatuluka mukadina Shift kasanu motsatizana, ingodinani No. Mukagwira Shift yakumanja masekondi 8 kamatuluka kena ka Filter Keys, nakonso mukane, chifukwa mukavomera kiyibodi imayamba kunyalanyaza mabatani odinidwa mwachangu ndipo mudzayesa yafa.

Aphunzitsi a Banda: Za dzanjazo musazinyozere. Nthawi zambiri zimachokera pa zinthu ziwiri. Choyamba, kutsamiritsa mfundo za manja pa laputopu kapena m'mphepete mwa tebulo kwinaku zala zikukwera m'mwamba. Manja ayandame pang'ono, mkono ndi dzanja zikhale mzere umodzi, zigongono zili pambali pa thupi zitapindika ngati ngodya ya buku. Ngati tebulo ndi lalitali, ikani pilo pampando. Pa mphasa kapena pabedi laputopu ili pamiyendo musaphunzirirepo. Chachiwiri, kupotoza dzanja pofuna Backspace ndi Enter. Musapinde mfundo kuti kachala kafike, sunthani dzanja lonse pang'ono kenako mubwerere pa J. Lero lekerani pomwepo. Mawa chitani mphindi 30 zokha, ndipo ngati kuwawa kukupitirira masiku angapo kapena zala zikuchita dzanzi, imani kaye mukaonane ndi achipatala.

Zinayi pa 100 zija ndi zilembo ziti? Pa zotsatira pali tsamba loonetsa chilembo chilichonse ndi zolakwa zake.

Nachisale: Num Lock yatheka, zikomo a Mbewe. Zolakwa zambiri zili pa E ndi I. Ndikafuna E ndikumadina I, ndikafuna I ndikumadina E.

Aphunzitsi a Banda: Zilembo ziwirizo zili pa chala chimodzimodzi cha manja awiri, chapakati, ndipo zonse n'zokwera mzere umodzi. Mutu ukudziwa chala koma ukusokoneza dzanja. D ndi K zimachitanso chimodzimodzi. Musapite ku phunziro latsopano mawa. Mu Own Lessons ikani mizere iwiriyi, muitayipe pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu mukutchula chilembo chilichonse pakamwa musanadine:

```
ded kik ded kik dede kiki deki kide
lekani likani seka sika fika leka
```

Kenako bwererani ku phunziro lomwelo la lero. Zikatsika kufika zitatu pa 100 maulendo awiri otsatizana, pitirirani, ndipo Lachisanu mutitumizire nambala ya zilembo pa mphindi pamodzi ndi zilembo zitatu zimene zili pamwamba pa mndandanda wa zolakwa.